Zala zisanu zothandiza mwana kupeza yankho la masamu a nkhani

Aphunzitsi ambiri a m'sukulu za pulayimale amadziwa za mwana amene amakhoza bwinobwino akapatsidwa 45 kuchotsera 18, koma amasowa pogwira nambala zomwezo zikabwera m'nkhani ya mango, mazira kapena ndalama za kumsika. Mwana wotereyu sikuti sadziwa masamu. Iye amadziwa kuwerengera, koma sanaphunzitsidwe zoyenera kuchita pakati pa kuwerenga funso ndi kuyamba kuwerengerako. Pakati pamenepa ndi pamene pamagona vuto la masamu a nkhani, omwe ena amawatchula kuti masamu a m'ziganizo, ndipo mpata umenewu ungathe kutsekedwa ndi njira imodzi yomwe mwana angamaitsate tsiku ndi tsiku mpaka itasanduka chizolowezi.

Cha m'ma 1980, akatswiri ofufuza za kaphunzitsidwe ka masamu mumzinda wa Grenoble ku France anapereka funso lachilendo kwa ana 97 a makalasi oyambirira. Funsolo linati m'sitima yapamadzi muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, ndipo linafunsa zaka za woyendetsa sitimayo. Funso limeneli lilibe yankho, popeza kuchuluka kwa ziweto sikunena kanthu za msinkhu wa munthu. Komabe ana 76 anapereka yankho pogwiritsa ntchito nambala ziwirizo, ndipo yankho lofala linali la zaka 36. Anawo sanali opusa. Iwo anali atazolowera kuti m'phunziro la masamu nkhani ndi makoko chabe, ndipo ntchito yawo ndi kutola nambala, kuzichita kanthu kena, n'kulemba zotsatira.

Msampha wa mawu olozera

Chizolowezi chotola nambalachi nthawi zina chimalimbikitsidwa ndi thandizo lomwe limaperekedwa ndi mtima wabwino. Pofuna kupeputsa ntchito, ana amauzidwa kuti akaona mawu akuti "pamodzi" kapena "kuposa" aziphatikiza, akaona akuti "otsala" azichotsera, ndipo akaona akuti "aliyense" azigawa. Lamuloli limagwira ntchito pa masamu osavuta a m'makalasi oyambirira, n'chifukwa chake mwana amalikhulupirira. Koma likafika poterera limamugwetsa.

Taonani samu iyi. Mtsikana ali ndi mango 45. Iye ali ndi mango 18 kuposa mchimwene wake. Kodi mchimweneyo ali ndi mango angati? Mwana wotsata mawu olozera aona "kuposa", aphatikiza 45 ndi 18, n'kupeza 63. Koma nkhaniyo yanena kuti amene ali ndi mango ambiri ndi mtsikanayo, choncho mchimwene wake sangakhale ndi 63. Yankho ndi 27, ndipo limapezeka pochotsera, ngakhale kuti m'funsomo mulibe mawu alionse onena za kuchotsa kapena kutsala. Chimene chimasankha pakati pa kuphatikiza ndi kuchotsera si liwu limodzi ayi, koma ubale wa zinthu zomwe zili m'nkhanimo: ndani ali ndi zambiri, ndani ali ndi zochepa, ndipo chosadziwika ndi chiti.

Njira yabwino yothetsera masamu a nkhani ndi yomwe imamuchedwetsa mwana kuti ayambe waona ubale umenewu asanagwire pensulo kuti awerengere. Maziko a njira zambiri zamtunduwu ndi ntchito ya George Polya, katswiri wa masamu wobadwira ku Hungary, yemwe m'buku lake la 1945 lotchedwa How to Solve It anagawa ntchitoyi m'magawo anayi: kumvetsa funso, kukonza njira, kutsata njirayo, ndi kubwerera kukaona ngati zayenda bwino. Kwa mwana wa Sitandade 3 kapena 5, kumuuza kuti "mvetsa funso" sikokwanira, popeza iye sadziwa kuti kumvetsako amachita bwanji. Afunika ntchito zooneka ndi maso, zomwe mphunzitsi angathe kuona ngati zachitika kapena ayi. Ntchitozi zikhoza kukhala zisanu, ndipo chala chilichonse cha kudzanja chikhoza kusenza imodzi: fotokoza, funsa, jambula, werengera, bwerera.

Samu imodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza

Kuti njirayi ioneke bwino, tiyeni tiyende nayo pa samu imodzi yoyenera ophunzira a Sitandade 4 kapena 5. Mlimi wa nkhuku anatola mazira 200. Popita nawo kumsika pa njinga, mazira 28 anasweka. Iye akufuna kuika mazira onse osaswekawo m'mathireyi, ndipo thireyi lililonse limalowa mazira 30. Kodi afunika mathireyi angati?

Chala chachikulu chimati fotokoza. Samuyo iwerengedwe kawiri, koyamba ndi mphunzitsi mokweza, kachiwiri ndi ophunzira. Kenaka mphunzitsi aphimbe bolodi kapena auze ana kutseka mabuku, ndipo mwana aliyense auze mnzake wokhala naye pafupi zomwe zachitika m'nkhanimo, popanda kutchula nambala ngakhale imodzi. Lamulo loletsa nambalali ndiye mtima wa sitepe imeneyi. Mwana amene wamva nkhani anena kuti mlimi anali ndi mazira, ena anasweka panjira, ndipo abwinowo akufuna kuwalongedza. Mwana amene sanamve angokhala chete, kapena anena kuti "muli 200 ndi 28 ndi 30". Apo mphunzitsi wadziwa kale kuti kupitirira n'kutaya nthawi, ndipo ayenera kufunsa timafunso tating'ono: nkhaniyi ikunena za yani, chinayamba n'chiyani, kenaka chinachitika n'chiyani. Aphunzitsi ena amayamba n'kulemba samuyo pa bolodi nambala zitafufutidwa, ndipo amazibwezera imodziimodzi ana atagwirizana za nkhaniyo. Mwana sangathamangire kuphatikiza nambala zomwe sanazione.

Chala chamkombaphala, chomwe timalozera nacho, chimati funsa. Apa mwana aloze funso lenileni ndipo alembe chiganizo cha yankho m'kope mwake, n'kusiya mpata pamalo pa nambala: Mlimi afunika mathireyi, kenaka kamzere. Ntchitoyi sitenga ngakhale mphindi imodzi, koma imathandiza pawiri. Imamuuza mwana kuti yankho lake lidzakhala la mathireyi osati la mazira, ndiponso imamuletsa kuima panjira. Pa masamu a masitepe awiri, ana ambiri amawerengera gawo loyamba molondola, n'kuika pensulo pansi poganiza kuti amaliza. Mwana amene analemba kale chiganizo cha mathireyi akapeza 172 adzaona yekha kuti nambala imeneyi sikukwana mumpata uja. Pa sitepe yomweyi, nambala iliyonse ya m'nkhanimo ipatsidwe dzina lake: 200 ndi mazira onse, 28 ndi osweka, 30 ndi olowa m'thireyi limodzi. Nambala yopanda dzina ndi imene mwana amaigwiritsa ntchito molakwika.

Chala chapakati, chachitali kuposa zonse, chimati jambula, ndipo m'pake kuti sitepe imeneyi ndi imene imafuna nthawi yambiri. Chojambulacho si chithunzi cha mlimi ndi njinga yake. Ndi kabokosi kakatali konga njerwa, koimira mazira onse, ndipo pamwamba pake palembedwe 200. Mwana adule kachigawo kakang'ono kumapeto kwa bokosilo, alembemo 28 ndi mawu akuti osweka. Chigawo chachikulu chotsalacho ndi mazira abwino, ndipo popeza kuchuluka kwake sikunadziwike, muikidwe chizindikiro cha funso. Pansi pake ajambulenso chigawo cha mazira abwinowo, n'kuyamba kuchidula m'timagawo tofanana, kalikonse kolembedwa 30. Akafika apa, chojambulacho chanena chokha zoyenera kuchita. Chinthu chathunthu chikudziwika ndipo gawo limodzi likudziwika, choncho gawo linalo lipezeka pochotsera. Gawo limenelo likudulidwa m'magulu ofanana, choncho chiwerengero cha magulu chipezeka pogawa. Palibe liwu lolozera lomwe lagwiritsidwa ntchito.

Kajambulidwe ka mabokosi aatalika kanakhazikitsidwa m'sukulu za pulayimale za ku Singapore kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kafalikira kumaiko ambiri chifukwa sikalira zipangizo zodula. Choko ndi bolodi n'zokwanira, ngakhalenso kamtengo ndi dothi la pabwalo. Ubwino wake waukulu ndi wakuti masamu ambiri a nkhani a ku pulayimale amalowa m'zojambula za mitundu itatu yokha. Mtundu woyamba ndi bokosi limodzi logawidwa m'zigawo, loimira chinthu chathunthu ndi magawo ake. Wachiwiri ndi mabokosi awiri, lina pamwamba pa linzake, oyambira pamalo amodzi koma osiyana kutalika, oimira kufananiza. Wachitatu ndi bokosi lodulidwa m'timagawo tofanana, loimira kuchulukitsa ndi kugawa. Samu ya mango ija imalowa mumtundu wachiwiri. Mwana akangofunsidwa kuti bokosi lalitali ndi la yani, aona kuti ndi la mtsikana, alembapo 45, ndipo 18 akhala kachidutswa komwe bokosi la mtsikana lapitirira nako. Zikatero, 63 alibenso malo pa chojambulacho.

Chala chachinayi chimati werengera. Mwana asanayambe, anene kaye malire a yankho lomwe akuliyembekezera. Mathireyi 7 amalowa mazira 210, omwe ndi ochuluka kuposa onse omwe mlimi anatola, choncho yankho silingapose 7. Kenaka alembe ziganizo za masamu motsatana, chilichonse pamzere wake ndiponso ndi dzina la zomwe zapezeka. Mzere woyamba ndi 200 − 28 = 172, mazira abwino. Mzere wachiwiri ndi 172 ÷ 30 = 5, kutsala 22. Mwana amene sanazolowere kugawa ndi nambala yaikulu ngati 30 asaletsedwe kuwerenga molumpha, kuti 30, 60, 90, 120, 150, n'kuona kuti kulumpha kwachisanu ndi chimodzi kukamufikitsa pa 180, kupitirira 172. Njira imeneyi ndi yoona ndipo ikugwirizana ndi chojambula chake. Chofunika pa sitepe iyi n'chakuti kuwerengera kutsate chojambula, osati chojambula chiwonjezedwe pambuyo pongofuna kukondweretsa mphunzitsi.

Chala chaching'ono chimati bwerera, ndipo ngakhale ndi chaching'ono, ndi chimene chimapulumutsa samu imeneyi. Mwana abwerere ku chiganizo chake cha mpata chija ndi kuyesa kuikamo zomwe wapeza. "Mlimi afunika mathireyi 5 kutsala 22" si chiganizo chomwe munthu angamuuze wogulitsa mathireyi. Mphunzitsi afunse kuti, "Kodi 22 ameneyu ndi chiyani, mathireyi kapena mazira? Nanga mazira amenewa mlimi awaika pati?" Funso linati mazira onse osasweka alowe m'mathireyi, choncho pafunika thireyi linanso, ngakhale silidzaza. Yankho ndi mathireyi 6. Potsimikiza, mwana aphatikize zonse kuti aone ngati zibwerera pa chiyambi: mazira 150 a m'mathireyi odzaza, 22 a m'thireyi lomaliza ndi 28 osweka akwana 200.

Vuto la zotsalali si la ana athu okha. Pa kafukufuku wa dziko lonse la America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ana a zaka 13 anafunsidwa kuchuluka kwa mabasi ofunika kunyamula asilikali 1,128 ngati basi iliyonse imanyamula anthu 36. Ambiri anagawa molondola, koma pafupifupi mwana mmodzi yekha mwa ana anayi alionse ndi amene anayankha kuti mabasi 32. Ochuluka kuposa amenewa analemba kuti 31 kutsala 12, ngati kuti asilikali khumi ndi awiriwo akhoza kungosiyidwa pamsewu.

Pofuna kuzika sitepe yomalizayi, mphunzitsi asinthe funso koma asunge nkhani ndi nambala zomwezo. Akafunsa kuti mlimi angagulitse mathireyi odzaza angati, yankho ndi 5. Akafunsa kuti ndi mazira angati omwe atsala atadzaza mathireyiwo, yankho ndi 22. Kuwerengera ndi kumodzi, koma mayankho ndi atatu, ndipo mwana amaona ndi maso ake kuti chosankha yankho ndi funso.

Kuphunzitsa njirayi m'kalasi lodzaza

Kulemba masitepe asanuwa pa tchati ndi kukhoma pakhoma sikuphunzitsa. Ana akhoza kuwaloweza ndi kuwaimba mokoma, koma akapatsidwa samu n'kubwerera ku chizolowezi chawo chakale. Njirayi imalowa mwa mwana pamene iye waona munthu wamkulu akuigwiritsa ntchito, kenaka n'kuichita limodzi ndi ena, mpaka pomaliza kuichita yekha.

M'sabata yoyamba, mphunzitsi athetse samu imodzi patsiku pa bolodi akulankhula mokweza zonse zomwe akuganiza, kuphatikizapo kukayika. Anene kuti, "Ndaona mawu akuti kuposa, mtima ukufuna kuphatikiza, koma ndiyambe ndaona kuti ali ndi zambiri ndani." Ana amafunika kumva kuti munthu wodziwa masamu amaima, amawerenganso, ndipo nthawi zina amafufuta chojambula n'kuyambiranso. M'sabata yachiwiri, mphunzitsi azingokweza chala, ndipo ana ndiwo azinena ndi kuchita ntchito ya chalacho. M'sabata yachitatu ana azigwira ntchito awiriawiri, wina akuwerengera, mnzake akufunsa mafunso a zala zisanu, kenaka n'kusinthana pa samu yotsatira. Ntchito ya mwana payekha ibwere pambuyo pa zonsezi. Masabata amenewa si lamulo. Kalasi lina lifulumira, lina lifuna mwezi wathunthu pa chala chapakati chokha.

M'makalasi ambiri m'dziko muno, makamaka chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana ochuluka kwambiri moti sangathe kuona kope la aliyense pa phunziro limodzi. Njirayi imathandiza pamenepa chifukwa sitepe iliyonse imasiya chinthu chooneka. Mphunzitsi akhoza kuimitsa kalasi lonse pakatha sitepe yachitatu, n'kuuza ana kuti akweze makope kapena masileti awo. Poyenda m'mizere kwa mphindi ziwiri adzaona zojambula zomwe zalakwika, ndipo adzakonza maganizo a ana asanawononge nthawi kuwerengera zinthu zosayenera. Ndi bwinonso kupatula masiku ena oti ana azingofika pa kujambula ndi kulemba chiganizo cha masamu, osawerengera konse. Pa mphindi khumi ndi zisanu angathe kujambula masamu anayi, ndipo maganizo awo onse amakhala pa kusankha njira.

Samu imodzi yoyendetsedwa bwino m'masitepe onse imaposa masamu khumi ongothamangira. Koma masamu operekedwawo azikhala osakanikirana. Ngati mutu wa tsikulo ndi kugawa, ndipo masamu onse a nkhani a tsikulo ndi ogawa, mwana sasowa kuwerenga nkhaniyo. Amangogawa nambala yaikulu ndi yaing'ono, n'kukhoza zonse. Mphunzitsi amapita kunyumba wokondwa, koma pa mayeso, pomwe masamu a mitundu yonse amabwera pamodzi, chinyengocho chimaululika. Nthawi ndi nthawi ana apatsidwenso samu yokhala ndi nambala yosafunika, monga zaka za mlimi uja kapena mtunda wa kumsika, ndiponso samu yosowa nambala ina yofunika, kuti aphunzire kunena molimba mtima kuti funso ili silingayankhidwe.

Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2, masitepe ndi omwewo koma zipangizo zimasintha. Nkhani inenedwe pakamwa, ana aisewere, ndipo m'malo mwa bokosi lojambula agwiritse ntchito timiyala, njere za chimanga kapena zitsekerero za mabotolo zondandalika pamzere. Mzere wa zitsekerero umenewu ndi umene pambuyo pake umasanduka bokosi lalitali, nambala zikakula moti sizingawerengedwenso chimodzichimodzi. Kwa ana a makalasi apamwamba, omwe mabuku awo a masamu ndi a Chingerezi ndipo akuyang'ana ku mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, chala chachikulu chimasenza katundu wowirikiza. Mwana awerenge funso m'Chingerezi, koma aloledwe kufotokoza nkhaniyo m'chiyankhulo chomwe amaganiza nacho, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Akatha kufotokoza m'chiyankhulo chake, ndiye kuti wamva. Akalephera, vuto ndi la mawu, ndipo kumuwonjezera masamu ogawa sikungamuthandize.

Yankho lolakwika limaloza chala chomwe chadumphidwa

Mu 1977, mphunzitsi wina wa ku Australia, Anne Newman, anafotokoza njira yopezera pamene mwana wapunthwa pa masamu a nkhani. Iye ankakhala ndi mwana mmodzi n'kumupempha zinthu zisanu motsatana: awerenge funso mokweza, anene chomwe funsolo likufuna, afotokoze mmene apezere yankho, awerengere akulankhula, ndipo alembe yankho lake. Malo oyamba pamene mwanayo walephera ndi pamene pali vuto. Kafukufuku wotsatira njira imeneyi m'maiko osiyanasiyana wakhala akuonetsa kuti gawo lalikulu la zolakwa limachitika mwana asanafike n'komwe pa kuwerengera.

Mphunzitsi wa kalasi lalikulu sangakhale ndi mwana aliyense payekha, koma mayankho a m'makope amanena zambiri kwa amene amawawerenga mofatsa. Pa samu ya mazira ija, mwana wolemba 258 waphatikiza nambala zonse zitatu, ndipo ameneyu sanafotokoze nkhani. Afunika kubwerera ku chala chachikulu. Wolemba 172 wamva nkhani ndipo wachotsera bwino, koma waiwala funso. Chiganizo cha mpata ndicho mankhwala ake. Wolemba 7 nthawi zambiri wagawa 200 ndi 30 osachotsa mazira osweka, ndipo chojambula chake chikayang'anidwa chipezeka kuti chilibe kachigawo ka 28. Amene wapeza 182 kapena 188 pamzere woyamba wasankha njira yoyenera koma wasokoneza kubwereka pochotsera, ndipo vuto lake ndi la kuwerengera basi. Wolemba 5, kapena 5 kutsala 22, wayenda bwino ulendo wonse n'kugwera pakhomo. Iye wadumpha chala chaching'ono. Ana asanuwa onse alakwa, koma kuwalembera mtanda umodzimodzi ndi kuwauza kuti akachite masamu ambiri n'kupereka mankhwala amodzi pa matenda asanu.

Ngakhale yankho lolondola liyenera kuyang'anidwa. Mwana akhoza kugawa 200 ndi 30, kupeza 6 kutsala 20, kutaya zotsalazo, n'kulemba 6. Iye walakwa kawiri, poiwala mazira osweka ndi potaya otsala, koma zolakwa ziwirizo zaphimbana. N'chifukwa chake malikisi asamaperekedwe pa yankho lokha. Ngati samu ili ndi malikisi anayi, imodzi ikhale ya chojambula, ina ya ziganizo za masamu, ina ya kuwerengera, ndipo yomaliza ya chiganizo cha yankho chokhala ndi dzina la chinthu chowerengedwa. Ana amasamala zomwe aona kuti mphunzitsi akuziwerengera.

Malire a njirayi

Zala zisanu sizilowa m'malo mwa luso lowerengera. Mwana amene amavutika kupeza 5 kuchulukitsa ndi 3 adzatopa asanafike kumapeto, ndipo afunika nthawi yapadera yozolowera masamu a pamtima. Sizilowanso m'malo mwa luso lowerenga mawu. Mwana amene sanayambe kuwerenga bwino awerengeredwe funso kuti luso lake la masamu lisabisike kuseri kwa vuto lina. Palinso masamu ena, monga a nthawi ya pawotchi kapena a mtunda wozungulira munda, omwe amamveka bwino pa mzere wa nambala kapena pa chithunzi cha mundawo kusiyana ndi pa bokosi lalitali. Chala chapakati chimati jambula, sichinena kuti chojambula chikhale chamtundu umodzi.

Mphunzitsi asamalenso kuti njirayi isasanduke mwambo wolemetsa. Mwana amene waona msanga kuti samu yophweka ikufuna kuphatikiza 12 ndi 5 asakakamizidwe kujambula mabokosi nthawi zonse, chifukwa adzayamba kuona masitepewa ngati chilango. Pakapita miyezi, kufotokoza ndi kufunsa kumachitikira mumtima, ndipo chojambula chimatuluka pokhapokha samu ikavuta. Masitepe awiri okha ndi amene sayenera kutayidwa ngakhale mwana atafika Sitandade 8: kudziwa chomwe funso likufuna asanayambe, ndi kubwezera yankho m'nkhani akamaliza.

Makolo nawo ali ndi gawo lomwe silifuna kuti akhale odziwa masamu. Mwana akabwera ndi ntchito ya kunyumba n'kufunsa ngati samuyo ndi yophatikiza kapena yochotsera, kholo lisamuuze. Limuuze atseke kope, ndipo linene kuti, "Tandiuza nkhaniyo kaye, usatchule nambala." Akamaliza kuwerengera, limufunse ngati yankho lakelo lingachitikedi kumsika kapena kumunda. Mwana amene wapeza kuti mchimwene wa mango ochepa ali ndi 63 pomwe mlongo wake wa mango ambiri ali ndi 45, nthawi zambiri amaseka yekha n'kutenga chofufutira kholo lisananene china chilichonse.